Umboni wa Mayi Maso

Telala sananame dala, ndipo zimenezi tizinene pachiyambi pomwe, anthu asanayambe kumuweruza. Tsiku la chitsitsimutso lija iye anapita kutsogolo chifukwa cha msana. Munthu wokhalira makina osokera kuyambira pautsikana msana sumusiya, ndiye atamva abusa akuitana odwala anadzuka limodzi ndi anzake. Koma abusa atafika pa iye sanafunse za msana. Anaona magalasi ake, aja okhuthala ngati matako a botolo, anamuvula ndi manja awo, n'kumuika chikhato pamaso. Atatha kupemphera anamupatsa buku la nyimbo kuti awerenge.

Anawerenga bwinobwino, ndime yonse mpaka kolasi. Akanalephera bwanji? Vuto la maso ake linali la kutali. Zapafupi ankaona kuposa aliyense m'tchalitchimo, moti ulusi ankaulowetsa pasingano atavula magalasi. Chimene sankaona ndi nkhope ya munthu woima kutsidya kwa msewu, kapena nambala ya basi. Koma ndani akanamvetsera zimenezo m'phokoso lija? Anthu anaimirira, ena analira, ndipo mkulu wina wa mpingo, pofuna kuthandiza Mulungu pa ntchito yake, anaponda magalasiwo ndi chidendene. Telala anawamva akuphwanyika. Anafuna kufotokoza, koma maikolofoni inali kale pakamwa pake, tchalitchi chonse chili zii kumudikira, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti, "Ndikuona." Silinali bodza lenileni, chifukwa maikolofoniyo ankaionadi.

Popita kunyumba anakwera basi yolakwika.

Masiku otsatira anali a chifunga. Ankapereka moni kwa anthu osawadziwa n'kudutsa owadziwa osawayankhula, mpaka ena anayamba kunena kuti chozizwitsa chamulowa m'mutu. Koma kushopu kwake zinthu zinayenda ngati kale lonse sizinayendepo. Azimayi a mumpingo ankabwera ndi nsalu zawo kuti zigwidwe ndi manja odalitsidwa, ndipo wina anamupatsa dzina loti Mayi Maso, dzinalo n'kumukakamira. Tsopano munthu wotchedwa Mayi Maso angatulukire bwanji Lamlungu atavala magalasi atsopano? Kukanakhala kuchititsa manyazi abusa, mpingo, ndi Mwini wakeyo. Umboni unali utamukwera pamsana, ndipo msana wake uja unali ukuwawabe.

Choncho tsiku lina anakwera mabasi awiri kupita kusitolo ya magalasi ya mbali ina ya tauni, kumene palibe akanamutchula Mayi Maso. Mayi woyeza maso wa m'sitolomo anamvetsera nkhani yonse osaseka, ngakhale kuseka kunkamubwerera. Atamuyeza anatulutsa timagalasi tofewa, toonekera, tating'ono ngati mamba a nsomba, timene timakhala pa diso penipeni. Anati anthu amangotitcha malenzi. Anamuphunzitsa kuvala ndi kuvula pagalasi mpaka manja anazolowera, kenako anamukhazika pansi n'kumuuza malamulo ake mwa mtima wonse, ngati mlangizi.

Asambe m'manja ndi sopo n'kupukuta asanakhudze lenzi. Akavula alitikite pachikhato ndi mankhwala otsukira a m'botolo, alitsukuluze, aliviike m'kabokosi kake ka zipinda ziwiri. Mankhwala a dzulo azitaya, asamathire atsopano pamwamba pa akale. Kabokosiko azikatsuka ndi mankhwala omwewo n'kukasiya kaume, ndipo pakapita miyezi ingapo agule kena. Mwezi ukatha malenziwo ataye ngakhale akuoneka abwino. Madzi a pampopi asayandikire lenzi, kaya posamba kaya potsuka, chifukwa madzi abwino kumwa si abwino kudiso lovala lenzi. Diso likafiira kapena kuwawa avule pompo, athamangire kuchipatala.

"Koma lalikulu ndi ili," anatero mayiyo. "Musagone nawo. Pamwamba pa chakuda cha disopa pali kakhungu koonekera, ndipo kalibe mitsempha ya magazi. Kamapuma mpweya wa kunja kuno. Mukatseka zikope mpweya umachepa kale, ndiye muikeponso lenzi usiku wonse, mwakatseka pakamwa ndi pamphuno."

Telala analonjeza, ndipo kwa nthawi yaitali anasunga lonjezo kuposa mmene anthu ambiri amasungira la ukwati. Sizinali zovuta. Bambo a m'nyumba ankagwira ntchito yomanga kutali, n'kumabwera kamodzi pakanthawi, ndipo akabwera ankagona ngati chipika. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali kusukulu yogonera komweko. Madzulo Telala ankatseka chitseko, kusamba m'manja, kuvula chozizwitsa chake n'kuchiviika m'kabokosi, m'mawa n'kuchivalanso. Ankaona bwino kuposa nthawi ya magalasi. Nthawi zina poyenda mumsewu, akuona masamba a mitengo limodzilimodzi, ankadzifunsa ngati kumeneku si kuchiritsidwa ndithu, kungoti kwadzera njira yozungulira.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mbiri ya Mayi Maso inayenda mpaka inakafika kwa apongozi ake, amayi a bambo a m'nyumba, amene maso onse awiri anali atachita ng'ala. Madokotala anali atawauza kale kuti ng'ala imachotsedwa, ndi opaleshoni yaing'ono, munthu mawa lake amaona. Iwo anali atavomera monyinyirika. Koma atamva kuti mkazi wa mwana wawo anachira popanda mpeni, anakana zonse, anamanga katundu wawo n'kubwera kudzakhala pafupi ndi dalitso. Ananena poyera kuti sachoka mpaka nawonso ataona.

Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi chogona ndi pabalaza. Munthu wamkulu sangagone pampando, ndiye apongozi analowa kuchipinda, pabedi lomwelo. Anali mayi wabwino mtima, osati aja ofufuza fumbi pamwamba pa kabati, koma Mulungu atawatsekera maso anawatsegulira makutu kawiri. Tsiku loyamba lomwe, Telala atangopotokola chivundikiro cha kabokosi, anamva akufunsa kuti mwana wanga ukutsegula chiyani. Iye anati mafuta odzola. Mawa lake anamatula pepala la pabotolo la mankhwala lija kuti lisadziwike ngati mlendo wina angalione, ndipo analibisa pansi pa chikwama chake cha zosokera, pamodzi ndi kabokosi.

Vuto lina linali la m'mawa. Apongozi ankadzuka kusanache bwino, ndipo chinthu chawo choyamba chinali kufunsa nthawi. Wotchi inali pakhoma la kutsidya. Sankafunsa chifukwa chofuna kupita kwina ayi, ankangokonda kumva maso ochiritsidwa akugwira ntchito. Akamva yankho ankati, "Taonani Mulungu," n'kupempha kuti awawerengere mawu a pakalendala ya mpingo imene inali pambali pa wotchiyo. Popanda malenzi Telala sankaona ngakhale kuti pakhomapo pali wotchi. Tsiku lina anangotchula nthawi ya m'mutu mwake, wailesi ya oyandikana nawo n'kumutsutsa nthawi yomweyo. Apongozi sanapemphenso za kalendala tsiku limenelo, ndipo zimenezo zinamuopsa kwambiri.

Madzulo ake sanavule malenzi. Anati ndi lero lokha.

Choipa kwambiri chimene chingachitikire munthu wophwanya lamulo ndi chakuti pasachitike kanthu. Anadzuka maso ali gwa, ouma pang'ono, lenzi litamatirira, koma ataphethira kangapo zonse zinali bwino, ndipo nthawi anaitchula mpaka mphindi zake. Mumtima anamuseka mayi woyeza maso uja kuti anthu a m'masitolo amaopseza dala kuti uzigula mankhwala awo. Lero lokha lija linabala mawa, mawa linabala sabata. Masana sakanavula, pakuti apongozi ankapita naye kushopu n'kukhala pampando pakhomo, kuuza kasitomala aliyense mbiri ya maso a mkazi wa mwana wawo. Mpata wokha unali pamene iwo ali kubafa. Pamenepo Telala ankavula mwachangu, nthawi zina osasamba n'komwe m'manja, kuviika malenzi m'kabokosi osawatikita, kuthira timankhwala pamwamba pa otsala a tsiku lina, ndipo akamva madzi asiya kutayika kubafako ankawabwezera m'maso. Mwezi unatha, malenzi ofunika kutaya aja anapitiriza ntchito ngati wantchito wokana kupuma. Akanapita bwanji mabasi awiri apongozi ali pamchira?

Chinthu chimodzi chinkamutonthoza. Botolo la mankhwala lija silinkatha. Ankathira, ankathira, koma akalinyamula linali lolemerabe ngati dzana. Munthu wina akanadabwa n'kufufuza. Telala, amene anali atazolowera kukhala m'kati mwa chozizwitsa, anangoti mwina Mulungu waona mavuto ake ndipo akumuthandiza pa kakang'ono komweka.

Linayamba ndi diso lakumanzere, Lachisanu, ngati mwalowa kamchenga. Pofika masana linali litafiira ndipo misozi inkangotsika yokha. Analowa kuseri kwa katani ya shopu kumene makasitomala amayesera zovala n'kuvula lenzi, koma ululu m'malo mochepa unakula, chikope chikamadutsa pa diso ngati chikukhula pabala. Atabwezera lenzi anamvako bwino. Anaganiza kuti ndiye kuti lenzi si vuto, osadziwa kuti langophimba bala kuti chikope chisalikhudze, uku likufungatira tizilombo pamalo pomwepo. Lamlungu limenelo kunali mwambo wokumbukira chitsitsimutso chija, ndipo abusa anali atalengeza kale kuti Mayi Maso adzaima kutsogolo ndi apongozi awo. Choncho Loweruka anagula mankhwala odontheza aja oyeretsa diso lofiira. Disolo linayeradi pang'ono, ngati mmene laimu amayeretsera khoma long'ambika.

Lamlungu anaima kutsogolo, magetsi a paguwa akumulasa m'diso ngati singano zake zomwe. Sanathe kuyang'ana anthu. Anaweramitsa mutu, dzanja lili pankhope, misozi ikuyenderera mpaka pakhosi pa diresi. Mpingo unakhudzidwa kwambiri. Abusa, amene anali munthu wokhulupirira ndi mtima wonse zimene amalalikira, nawonso anagwetsa misozi, n'kunena kuti taonani, chaka chatha koma mayiyu akulirabe ndi chiyamiko. Anapempherera apongozi nthawi yaitali. Apongozi atatsegula maso anati akuona ngati kwayerako pang'ono, ndipo Telala anazindikira mawu amenewo, chifukwa anali achibale a "Ndikuona" wake uja. Anachita mantha, komanso manyazi amene sanawamvepo chiyambire.

M'mawa mwake diso silinatseguke. Zikope zinali zitatupa n'kumatana ndi mafinya. Atazinyowetsa n'kuzikanula pagalasi, diso labwino lija linaona kadontho koyera pakati penipeni pa chakuda cha linzake, ndipo lodwalalo linkangoona kuwala kopanda maonekedwe. Ululu unkafika mpaka kunkhongo. Atafunsidwa nthawi anayankha ndi kubuula.

Apongozi anapapasa nkhope yake, anamva kutentha ndi kutupa, ndipo mayi yemwe uja wokana mpeni wa madokotala ndi amene analamula kuti tiyeni kuchipatala msangamsanga. Pemphero ndi labwino, anatero, koma mafinya ndi mafinya. Anatuluka awiriwiri, Telala atadziphimba kumutu ndi nsalu poopa dzuwa, apongozi ali patsogolo ndi ndodo yawo. Pa awiriwo wodziwa kuyenda osaona anali wamkuluyo, ndiye ndi amene ankachenjeza za ngalande ndi masitepe. Anthu pamsewu ankawapatsa njira osadziwa kuti akutsogolera mnzake ndi uti.

Kuchipatala cha maso apongozi anatsala pabenchi panja. Dokotala anali bambo wa imvi, wosataya mawu. Anadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, anamuika chibwano pa makina oyang'anira m'diso, ndipo funso lake loyamba linali lakuti lenzi ili lakhala m'diso kuyambira liti. Telala anati kanthawi. Dokotala anati kanthawi ka anthu ovala malenzi amakadziwa. Analichotsa n'kuliika m'kabotolo, anachotsanso la diso linalo, kenako anathira utoto wachikasu n'kuyatsa kuwala kwa buluu. Anapala pang'ono pachilondapo kuti akapime, n'kuitanitsa kabokosi ndi botolo. Zinali m'chikwama cha zosokera chomwecho. Atatsegula kabokosi anamuonetsa ndi kamtengo ka thonje mmene m'kati munkaterera ngati mtsuko wosatsuka.

Anafotokoza mwachidule, osakalipa, ndipo kusakalipako n'kumene kunawawa. Diso lili ndi alonda ake, anatero. Misozi ndi kuphethira zimakokolola tizilombo tsiku lonse, ndipo kakhungu koonekera kaja kakakhala kathanzi sikalola kanthu kulowa. Munthu akagona ndi lenzi, kakhunguko kamasowa mpweya, kamatupa, kamafooka, kamachita ting'alu tosaoneka ndi maso. Pansi pa lenzi misozi siyenda bwino, ndiye tizilombo tomatirira pa lenzi lakuda timakhala pofunda, ponyowa, popanda wotisokoneza, khomo lili lotsegula. Tikalowa timadya kakhunguko, ndipo mitundu ina simachedwa, tsiku limodzi kapena awiri chilonda chakula.

"Chilonda tilimbana nacho, ndipo ndikuyembekeza kuti diso tilipulumutsa," anatero. "Koma chili pakati, podutsa kuwala. Chikapola chisiya chipsera. Mukanavula Lachisanu n'kubwera, bwenzi tikukamba zina."

Anafunsanso ngati malenziwo anakhudzapo madzi a pampopi. Telala anakana ndi mphamvu. Pa malamulo onse aja limeneli ndi lokhalo limene anasunga, ndipo analigwiritsitsa ngati munthu wopulumutsa mpando umodzi m'nyumba yopsa.

Anamugoneka m'chipatala. Mankhwala opha tizilombo ankadonthezedwa ola lililonse, usana ndi usiku, ndipo diso analisiya losamanga. Apongozi anakana kubwerera kunyumba. Anati iwo tulo anasiyana nato kalekale, ndiye ndi amene ankaitana namwino akachedwa. Za malenzi sanadziwe kanthu. Ankangodziwa kuti diso lochiritsidwa ladwala, ndipo nkhaniyi inkawadya. Anasiya kudya bwino, anasiya kufunsa nthawi. Masana ena, odwala anzawo atatuluka kukaothera dzuwa, anakokera mpando pafupi ndi bedi n'kugwira dzanja la Telala.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Matenda awa ndakubweretsera ndine."

Telala anati amayi musatero, koma iwo anapitiriza. Anati anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti pali botolo limene iye amabisa. Anamva kulira kwake likamathiridwa. Tsiku lina analipeza m'chikwama, botolo lopanda pepala, madzi ake opanda fungo, ndipo anazindikira kuti ndi madzi odalitsidwa amene abusa anamupatsa kuti machiritso asathawe. Sanamuimbe mlandu pobisa, dalitso la munthu ndi la munthu. Koma mtima unawakola. Tsiku lililonse Telala akalowa kubafa, iwo ankadonthezako m'maso mwawo, n'kusambitsako nkhope pang'ono.

"Ndiye poopa kuti uona kuti achepa, ndinkawonjezera a pampopi. Ndinakubera dalitso, mwana wanga, n'kulisungunula. N'chifukwa chake ine sindinachire, iwe n'kudwala."

Telala anagona chagada akuyang'ana denga limene sankaliona. Chozizwitsa chake chachiwiri chinathera pamenepo. Kuseka kunamubwerera, kulira kunamubwereranso, ndipo zonse ziwiri zinkawawitsa diso. Anakwiya, inde, mkwiyo weniweni wofuna kukalipa. Koma akalipire ndani? Pepala la pabotolo anamatula yekha. Mayi wokalambayu anaba chifukwa chokhulupirira umboni umene iye mwini anaupereka pa maikolofoni, ndipo chifukwa cha umboni womwewo anali akuyendabe ndi ndodo, ng'ala zake zikukhwima, pamene chipinda chochotsera ng'ala chinali kumapeto kwa khonde lomweli.

Dokotala atabwera kudzayendera odwala, apongozi atatuluka, Telala anamuuza za mpopi. Dokotala anavula magalasi ake n'kupukuta nkhope. Anati ndiye kuti kwa nthawi yonseyi ankaviika malenzi m'madzi wamba, mankhwala atasungunuka moti sakanapha kanthu, ndipo kachilombo kamene apeza pachilondapo ndi kokonda malo onyowa, m'mipopi, m'masinki ndi m'tibokosi tosauma. Anati ayang'anirenso kachilombo kena ka m'madzi kovuta kwambiri kuchiza, ngakhale mpaka pano sikanaoneke. Telala anafunsa chimene chinali pamtima pake, kuti kodi wapha disoli ndi madziwo kapena tulo.

"Wina anabweretsa wakuba, wina anasiya chitseko chotsegula," anatero dokotala. "Kugona nawo kokhako kukanatha kukufikitsani pano. Sindingakugawireni mlandu ndi sikelo."

Tsiku lomwelo Telala anawauza apongozi zoona. Anayambira pa msana, anadzera pa buku la nyimbo ndi basi yolakwika, mpaka pa sitolo ya mabasi awiri. Anapempha namwino kuti abweretse lenzi lakale, n'kuliika pa chala chawo kuti alikhudze. Anawauza kuti m'botolo muja munali mankhwala otsukira basi, ndi kuti diso ladwala chifukwa chogona ndi malenzi. Za mpopi sanaonjezerepo kanthu. Apongozi anakhala nthawi yaitali akupotokola kanthuko pakati pa zala.

"Ndiye kuti nthawi yonse ija ndinkaba sopo?"

"Ngati sopo, amayi."

"Ndipo ndinkatseka maso n'kunena ameni."

Sanakalipe. Anangofunsa kuti nanga wotchi ija ankaiona ndi timamba ta nsomba timeneti, ndipo atamva kuti inde anapukusa mutu n'kunena kuti anthu ndi anzeru. Telala anadziwa kuti wawalanda chinthu chimene chinkawadzutsa m'mawa uliwonse. Zinamupweteka kuposa diso. Koma kutacha anamva ndodo ikugogoda m'khonde, ndi mawu awo akufunsa namwino kuti kodi dokotala wa ng'ala uja amapezeka chipinda chiti.

Chilonda chinapola pang'onopang'ono, ndipo kachilombo kachiwiri kaja sikanapezeke. Diso linatsala, koma pakati pake panakhala chipsera choyera, ndipo lokhalo linkaona dziko ngati kudzera pagalasi la bafa. Dokotala anati pakapita miyezi chingapepukeko, mwinanso m'tsogolo angaganize zoika kakhungu kena, koma asayembekeze kuti libwerera mwakale. Malenzi anamuletsa kaye. Telala anatuluka m'chipatala atavala magalasi okhuthala, ndipo Lamlungu analowa nawo m'tchalitchi mutu uli m'mwamba. Anali atakonzeka kuulula. Sanapatsidwe mpata, chifukwa mpingo unali utamasulira kale nkhani yake. Ankati Mayi Maso chikhulupiriro chinawathera, anathamangira kwa madokotala, ndiye machiritso anabwerera kwa Mwini wake. Abusa anamva zoona zake kuofesi kwawo, anagwira pakamwa, anapepesa za magalasi oswedwa aja, koma anapempha kuti nkhaniyi isapite paguwa poopa kufooketsa ofooka. Makasitomala a manja odalitsidwa anasamukira kwa telala wina. Anatsala aja akale, ongofuna diresi lokwana bwino.

Tsiku la apongozi litafika anawachotsa ng'ala ya diso limodzi, linalo n'kulisiyira ulendo wina. Mawa lake Telala anakhala nawo pabenchi, bambo a m'nyumba ataima pakhomo ndi chipewa m'manja, namwino akumatula thonje pang'onopang'ono. Apongozi anaphethira, anatulutsa misozi, anayang'ana manja awo, anayang'ana mwana wawo pakhomo paja n'kumuuza kuti wanenepa ndipo palibe anawauza. Onse anaseka. Kenako anatembenukira kwa Telala. Anamuvula magalasi, anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kuwindo, ndipo anayang'ana nthawi yaitali kadontho koyera kaja. Kuseka kunatha.

"Pakhoma apo alemba kuti madzi a pampopi asakhudze malenzi," anatero motsitsa mawu. "Pali chithunzi cha mpopi, awudula ndi mzere wofiira. Ndi chinthu choyamba chimene ndawerenga. Mwana wanga, undiuze. Ndi madzi anga aja?"

Telala anayang'ana diso latsopanolo, loyera, lonyowa, limene linali lisanathe ngakhale ola likuona. Anali atalumbira pabedi la chipatala kuti pakamwa pake sipadzatulukanso umboni wopereweza.

"Ayi, amayi," anatero. "Ndi tulo. Ndinkagona nawo."

Apongozi sanachotse dzanja pachibwano pake. Anapitiriza kumuyang'ana, ndipo Telala anazindikira kuti kunamiza munthu woona n'kovuta kusiyana ndi kunamiza tchalitchi chodzaza.

"Chabwino," anatero apongozi pomaliza. "Ndi tulo." Anapukuta magalasi aja ndi nsonga ya mpango wawo, mbali zonse ziwiri, n'kumuveka okha.